Nsalu ndi Mazipi a m'Funso Lachinayi

Ophunzira a pakoleji ina ya zamalonda anamupatsa dzina lakuti Zimatengera, chifukwa funso lililonse limene ankamufunsa m'kalasi ankayamba kuliyankha ndi mawu amenewo. Wina akafunsa ngati kampani iyenera kugula katundu wambiri nthawi imodzi, iye ankati zimatengera. Wina akafunsa ngati mayeso adzakhale ovuta, ankatinso zimatengera. Dzinalo linakula mpaka linafika m'kamwa mwa aphunzitsi anzake, koma mwiniwake sankadandaula nalo. Anali mayi wamfupi, woyenda mwandawala ngakhale tsopano anali ndi pakati potopa. Ankaphunzitsa kasamalidwe ka katundu m'makampani ku kalasi yamadzulo, ya anthu amene masana amakhala ali pantchito. Kontirakiti yake inkatha pakutha pa temu iliyonse, ndipo inkayambiranso pokhapokha mkulu wa dipatimenti akasainira.

Mayeso atatha, aphunzitsi atatu a phunzirolo anagawana mapepala n'kukakhala m'chipinda chochongera. Chipindacho chinali pansanjika yapamwamba, kumapeto kwa khonde, ndipo chinali ndi tebulo lalitali, fani yopukusa mutu ngati ikukana chinachake, ndi zenera limodzi loyang'ana padenga la laibulale. Zimatengera anachedwa kuyamba chifukwa anapita kaye kusikelo. Pomwe ankakhala pansi n'kuti anzake awiri atadula kale pakati milu yawo.

Mafunso atatu oyamba anayenda bwino. Pa lachinayi ndi pamene cholembera chake chinaima.

Funsolo linalembedwa ndi mkulu wa dipatimenti yemweyo, ndipo linanyamula gawo limodzi mwa magawo anayi a malikisi onse. Linkanena za kampani yongopeka yosoka zikwama za ana asukulu. Zikwamazo zinkagulidwa mofanana chaka chonse. Nsalu inkachokera kutsidya la nyanja pasitima, ndipo ukaoda inkafika mwina patatha milungu itatu, mwina isanu ndi inayi, palibe ankadziwa. Mazipi ankachokera kufakitale ya mumsewu womwewo, imene inkatha kubweretsa tsiku lililonse. Gawo loyamba linkafuna kuti wophunzira awerengere kuchuluka kwa nsalu yoyenera kuoda nthawi imodzi, mwa njira imene m'mabuku amaifupikitsa kuti EOQ. Gawo lachiwiri linkafuna kuti ayerekeze njirayo ndi inzake yotchedwa JIT, kenako alangize kampaniyo yoti itsate.

Pa gawo loyamba panalibe mkangano. Ukamaoda pang'onopang'ono umawononga ndalama pamaulendo, pamapepala ndi pakulandira katundu kawirikawiri. Ukaoda wambiri umawononga posunga, chifukwa nyumba imafuna lendi, nsalu imachita nkhungu, ndipo ndalama zimangogona m'mashelefu. EOQ imafunafuna pakati, pamene zowonongeka ziwirizo zimalingana. Kampaniyo inkagwiritsa ntchito mipukutu 7,200 pachaka, oda imodzi inkadya 400, ndipo kusunga mpukutu umodzi chaka chonse kunkadya 4. Ukachulukitsa 7,200 ndi 400, n'kuwirikiza kawiri, n'kugawa ndi 4, umapeza 1,440,000, ndipo nambala imene imabala imeneyo ukaichulukitsa ndi iyo yomwe ndi 1,200. Ndiye kuti mipukutu 1,200 pa oda iliyonse, kasanu ndi kamodzi pachaka. Ambiri anakhoza.

Gawo lachiwiri ndi limene linavuta. Pepala la mayankho limene mkuluyo anapereka kwa ochonga linkati yankho lolondola ndi JIT, njira imene katundu amafika pa nthawi yomwe akufunika pamakina, pang'onopang'ono, popanda mulu wodikira m'nyumba yosungiramo. Wolangiza zimenezo alandire malikisi onse. Wolangiza china chilichonse asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu.

Mapepala ambiri a pamulu wa Zimatengera ankanena china. Ankati mazipi abwere mwa JIT, poti wogulitsa ali pakhomo ndipo sachedwa. Koma nsalu iodedwe mwa EOQ, ndipo pakhale mipukutu ina yapadera yodikira tsiku limene sitima idzachedwe, chifukwa nsalu ikasowa makina onse amaima ndipo osoka amangokhala manja lende. Mapepalawo analibe mayina, anali ndi manambala okha, koma iye anadziwa kuti ambiri ndi a kalasi yake. Anawaphunzitsa yekha kuyamba awerenga kaye mmene zinthu zilili pakampani asanasankhe njira.

Anatsamira kwa mnzake wokhala pafupi, bambo wamtali amene onse ankangomutchula kuti Wamasamu, n'kumuonetsa pepala limodzi. Wamasamu analiwerenga, anakanda chibwano, n'kunena motsitsa mawu kuti yankholo ndi labwino, mwinanso kuposa la papepala la mayankho. Zimatengera atafunsa kuti nanga iye akupereka malikisi angati kwa oyankha chonchi, Wamasamu anati akupereka zimene anauzidwa, popeza si iye analemba funsolo ndipo ali ndi ana. Zimatengera anayang'ana mimba yake, kenako anamuyang'ana iye. Wamasamu anabwerera pamulu wake.

Masana omwewo anatenga mapepala atatu n'kutsika nawo ku ofesi ya mkulu wa dipatimenti.

Mkuluyo ophunzira ankawatcha a Pompopompo, chifukwa chilichonse ankachifuna nthawi yomweyo, ndiponso chifukwa JIT ankaikonda ngati mwana wawo. Anali bambo wa imvi, waukhondo, ndipo padesiki pawo sipankakhala pepala limene sakuligwiritsa ntchito. Ndiwo anamuphunzitsa Zimatengera pakoleji pomwepa, ndipo ndiwonso anamuitana kuti adzaphunzitse. Asanakhale mphunzitsi ankayang'anira fakitale yolumikiza mawailesi. Fakitaleyo inagwa nyumba yake yosungiramo katundu itadzaza mpaka kudenga ndi zipangizo za mawailesi amene anthu anali atasiya kugula. Nkhani imeneyi ankaikamba m'kalasi chaka chilichonse, ndipo pofika pamene antchito ankatuluka pageti komaliza mawu awo ankasintha.

Anamulandira bwino, anamukokera mpando, n'kufunsa za kusikelo. Iye anayankha mwachidule n'kuyala mapepala aja padesiki. Anafotokoza kuti JIT imafuna wogulitsa wodalirika, wapafupi, wobweretsa pang'ono kawirikawiri popanda kudula mtengo wa ulendo, ndipo funsolo lenilenilo likunena kuti wa nsalu si wotero. A Pompopompo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anamukumbutsa kuti EOQ nayonso imayerekeza kuti nthawi yodikira katundu ndi yodziwika, ndiye sitima yosadziwika tsiku ikuphwanya njira zonse ziwiri. Zimatengera anavomera kuti n'zoona. Anati n'chifukwa chake ophunzirawo sanalekere pa EOQ yokha. EOQ ikuwauza kuchuluka kwa oda, koma nthawi yoodera aiwerengera padera, mipukutu ikadalipo yokwanira kudikira sitima, n'kuwonjezerapo ina yachitetezo.

"Mulu wa nsalu umabisa matenda," anatero a Pompopompo. "Wogulitsa akachedwa iwe sumva kuwawa, ndiye sumusintha. Chotsa muluwo, vuto lionekere, ulikonze. Ndinakuphunzitsani ndekha zimenezi, amayi."

"Munandiphunzitsa, aphunzitsi, ndipo wophunzira amene walemba zimenezo n'kufotokoza kumene apeze wogulitsa wina ndimupatsa malikisi onse. Koma uyu nayenso wawerenga funso lanu n'kuliyankha. Sindingamulepheretse chifukwa chowerenga."

Mkuluyo anavula magalasi. Ananena kuti ochonga atatu sangachonge mosiyana, kuti anzake awiri afika kale patali, ndiponso kuti kusintha pepala la mayankho tsopano n'kubwereza ntchito yonse pamene ofesi ya mayeso ikudikira zotsatira. Pa zonsezi sananame. Pomaliza anati achonge motsatira pepalalo, asainire, ndipo zokambirana za njira ziwirizi adzazichite temu yamawa akamadzakonza funso lina. Mawu akuti temu yamawa anawatchula pang'onopang'ono, akumuyang'ana m'maso.

Zimatengera anasonkhanitsa mapepala ake, anathokoza chifukwa cha mpando, n'kutuluka.

Kunyumba nkhaniyo inafika m'mawa mwake, pa nthawi ya tiyi. Ankakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri, kuseri kwa sitolo yogulitsa matayala, iye ndi amuna ake ndi apongozi ake aakazi amene anabwera kudzadikira mwana. Amuna ake ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo anali munthu wozolowera kukhala phee pamene wina akulunjika mtengo. Anamvetsera akupaka nsapato polishi. Kenako anati iwo sakumvetsa kuti vuto lili pati, chifukwa m'nyumba mwawo momwemo njira zonse ziwiri zikukhalirana mwamtendere. Iwo amagula sopo mmodzi akaona kuti wakale wasanduka kachidutswa, pamene amayi awo adzaza matewera pansi pa bedi ngati kukubwera mapasa atatu. Apongozi aja anayankha ali kukhitchini kuti tsiku limene mwana adzatsegule m'mimba sitolo itatseka, mwana wawoyo adzavule malaya ake amufunditse.

Anaseka onse, koma amuna ake ataika burashi pansi nkhope inasintha. Anati saine ndi kanthu kakang'ono, ndipo ophunzirawo akalephera adzalembanso, pamene mwana sangadikire kuti amayi ake apeze ntchito ina. Anati galimoto yawo yophunzitsira yakalamba ndipo ophunzira achepa. Sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka kwambiri.

Zimatengera anawauza za anthu a m'kalasi mwake. Wina ndi mlonda wa pageti ya fakitale amene amabwera atavala yunifolomu mkati mwa jekete. Wina ndi mayi wogwira ntchito mosungira mankhwala amene abwana ake anamulonjeza kumukweza akabweretsa satifiketi. Anati anthu amenewo anachita zimene iye anawauza, ndiye akasainira kuti alephera, adzalowa bwanji m'kalasi n'kuwauzanso kuti aziwerenga funso. Amuna ake anati akasowa ntchito m'kalasimo sadzalowamo n'komwe. Iye anati akudziwa.

Apongozi anatuluka m'khitchini akupukuta manja, n'kufunsa ngati mkuluyo walakwitsadi kapena angosiyana maganizo. Zimatengera anaganiza kaye, n'kuyankha kuti yankho la mkuluyo si lolakwika, cholakwika n'kunena kuti ndi lokhalo. Apongoziwo anati iwo zamasukulu sazidziwa, koma munthu wapakati sayenera kumeza zinthu zomukhala pakhosi. Mwana wawo anawauza kuti akuthira mafuta pamoto. Iwo anati moto anaupeza ukuyaka kale.

Tsiku limenelo Zimatengera anasiya pensulo imene ankayesera nayo malikisi, n'kutenga cholembera chofiira chosafufutika. Anachonga mulu wake wonse monga mmene ankaonera. Pansi pa funso lachinayi papepala lililonse analemba chifukwa cha malikisiwo, n'kusainira dzina lake lonse kuti wina asadzavutike kufufuza amene anachita. Wamasamu ankangomuba ndi diso. Mphunzitsi wachitatu, mayi wachikulire amene anatsala pang'ono kupuma ntchito, anamuuza kuti iyenso ali wamng'ono ankalimbana ndi makoma, koma makomawo akadalipo ndipo iye mano anatha. Zimatengera anati ake akadalipo, awagwiritse kaye ntchito.

A Pompopompo atalandira zotsatirazo anatumiza mlembi wawo kudzatenga mulu wake kuti wina auchongenso. Zimatengera anamuuza mlembiyo mwaulemu kuti malamulo a koleji amati pepala lochongedwa limasinthidwa ndi komiti ya mayeso yokha, ndiye mapepalawo akawapereka kumeneko ndi manja ake. Anawatsekera m'kabati n'kuika kiyi m'chikwama. Mlembiyo anaima pakhomo kanthawi, ngati akudikira kuti mawuwo abwezedwe, kenako anatsika.

Komitiyo inakumana m'chipinda cha misonkhano, chokhala ndi makatani olemera ndi zithunzi za akuluakulu akale pakhoma. Wapampando anali wachiwiri kwa mkulu wa koleji yonse, mayi wophunzitsa zamalamulo amene ankadana ndi misonkhano yotalika. Madipatimenti ena anadutsa mofulumira. Itafika nthawi ya phunziro lawo, a Pompopompo ananena kuti mphunzitsi mmodzi waganyu sanatsate pepala la mayankho, ndipo anapempha kuti malikisi ake atsitsidwe kuti afanane ndi a anzake.

Zimatengera anaimirira asanapatsidwe mpata. Anagwira m'mphepete mwa tebulo chifukwa msana unkamukoka. Wapampando anamuuza kuti akhoza kulankhula atakhala, iye anati aimirira. Anawerenga funso lonse mokweza, n'kubwereza mzere wa sitima. Kenako anafunsa anthu onse a m'chipindamo kuti, ikanakhala kampani yawo, ndani akanalola kukhala wopanda mpukutu ngakhale umodzi wapadera pamene nsalu ingachedwe ndi mwezi ndi theka. A Pompopompo anati komiti si kalasi, ndipo nkhani ili pano ndi ya mwambo wa kachongedwe, osati ya zikwama.

"Ngati ndi mwambo, ndilangeni ine," anatero Zimatengera. "Koma malikisi awa ndi a anthu amene anayankha bwino. Mukawatsitsa mutsitse nokha, ndipo mulembe m'maminitsi kuti ine ndinakana."

Wina anapereka maganizo akuti funso lachinayi lingochotsedwa kwa onse, malikisi awerengedwe pa mafunso atatu otsalawo, nkhani ithe popanda wochita manyazi. Anthu angapo anagwedeza mitu movomereza. Zimatengera anakananso. Anati funsolo ndi labwino, mwinanso labwino kuposa onse papepalapo, ndipo kulichotsa n'kulanda amene analigwirira ntchito n'kupatsa amene analithawa. A Pompopompo anamuyang'ana modabwa, poti sankayembekeza kuti funso lawo aliikira kumbuyo ndi iyeyo.

Wapampando anafunsa ochonga ena awiri aja maganizo awo. Mayi wachikulire anati iye anatsata zimene anapatsidwa. Wamasamu anayang'ana cholembera chake, kenako anati mayankho ena amene anawapatsa malikisi ochepa sanali oipa. Wapampando anatseka faelo n'kugamula kuti funsolo, pepala la mayankho ndi mapepala angapo a milu yonse itatu zipite kwa woyesa wakunja, mphunzitsi wa koleji ina amene ankaunika mayeso awo chaka chilichonse. Zotsatira za phunzirolo ziyambe zadikira.

Kudikirako kunali kowawa. Ophunzira a maphunziro ena anaona zotsatira zawo pabolodi, a phunziro ili anapeza mpata wopanda kanthu. Mphekesera inayenda kuti Zimatengera ndiye wagwira malikisi, ndipo ena amene ankawamenyera nkhondo omwewo anasiya kumupatsa moni. M'chipinda cha aphunzitsi anthu ankatsitsa mawu iye akalowa. Iye ankalowabe, n'kukhala pampando wake wa nthawi zonse pafupi ndi ketulo, n'kumwa tiyi wake mosafulumira.

Woyesa wakunja anayankha mwachidule. Anati mayankho onse awiri ndi ovomerezeka ngati atsamira pa mfundo za m'funsomo, ndipo gawo lachiwiri lichongedwenso pamapepala onse ndi munthu mmodzi kuti pakhale kufanana. A Pompopompo anawerenga yankholo pamaso pa aphunzitsi atatu aja, mawu awo osakwera osatsika. Atamaliza anati popeza amayi ndi amene akulidziwa bwino funsoli, achonge ndi iwowo, milu yonse itatu, sabata isanathe.

Aliyense anadziwa kuti ndi chilango. Zimatengera anati zikomo, n'kupempha kuti wina amunyamulire miluyo.

Anachonga masiku otsatirawo miyendo itatupa, ataisanjika pakatoni. Ndipo m'miluyo anapezamo zimene sankaziyembekeza. Ena mwa ophunzira a masana, amene ankaphunzitsidwa ndi a Pompopompo, analangiza JIT pa zonse koma anaiganizira bwino. Mmodzi analemba kuti kampaniyo ipangane ndi wogulitsa nsalu wa m'dziko momwemo, imuthandize kukweza luso, isamuke pang'onopang'ono osati tsiku limodzi. Anawonjezera kuti mtengo wa oda imodzi ukatsika kwambiri, nambala ya EOQ nayonso imatsika, mpaka njira ziwirizi zimayandikana. Zimatengera anawerenga pepalalo kawiri, analipatsa malikisi onse, ndipo anamva kansanje kuti si wa m'kalasi mwake.

Anabwereranso ku mulu wake womwe. Ulendo woyamba anauchonga mtima uli m'mwamba, ndipo tsopano anaona kuti ena anawakomera mtima. Panali mapepala amene anangoti nsalu EOQ, mazipi JIT, popanda kutchula sitima kapena chifukwa chilichonse. Ophunzirawo anangoloweza mawu ake monga mmene ena analowezera a mkulu uja. Kenako anadula malikisi ake omwe ndi mzere umodzi, analemba ochepa pambali, n'kusainiranso.

Zotsatira zitatuluka, ambiri amene akanalephera anakhoza, ndipo ochepa amene akanakhoza analephera. Mayi wa mosungira mankhwala uja anakhoza, anamupeza pakhonde n'kumugwira dzanja ndi manja awiri. Mlonda uja analephera. Anabwera atavala jekete lake lija, n'kunena kuti analemba ndendende zimene madamu ananena m'kalasi. Zimatengera anamukhazika pansi, anamuuza kuti vuto ndi lomwelo, n'kumufunsa chifukwa chimene nsalu singabwere tsiku lililonse ngati mazipi. Bamboyo anaganiza, anayankha bwino ndithu, ndipo iye anamuuza kuti akanalemba zimenezo bwenzi atakhoza. Anachoka osakondwa. Zimatengera sanamuthamangire kukapepesa.

Ndandanda ya aphunzitsi a temu yotsatira inatuluka dzina lake mulibe. Mlembi uja anamunong'oneza kuti mwina malo angapezeke, a phunziro la kalembedwe ka makalata a muofesi, ngati atalemba mawu ochepa opepesa chifukwa cha mmene analankhulira mukomiti. Zimatengera anafunsa kuti ndi mawu ati amene ananama. Mlembiyo anati sikuti ananama, koma anaimirira. Iye anati ndiye ipepese ndi miyendoyo, chifukwa ndi imene inaimirira.

Amuna ake atamva anadzuka pampando. Anatuluka panja, anakatsegula boneti ya galimoto yawo, n'kuyang'ana injini imene inalibe vuto. Atabwerera anati mawa adzamuperekeza kukatenga katundu wake, ndipo anafunsa ngati koleji ya kutsidya kwa njanji ikufunabe aphunzitsi amadzulo. Iye anati akafunsa mwana akabadwa. Apongozi anangomuikira pilo wina kumsana.

Katundu wake yense anakwana m'katoni imodzi: mabuku, kapu, nsapato zafulati zimene ankasinthira, ndi mapepala a zophunzitsa. Amuna ake anatsala m'galimoto chifukwa pageti sankalola kuimika nthawi yaitali. Chikepe chokwera ndi kutsika nacho nsanjika za pakolejipo chinali chitafanso, choncho ananyamula katoniyo pambali pa mimba n'kuyamba kutsika masitepe, phazi limodzi kenako linzake.

Pokhota poyamba anakumana ndi a Pompopompo akukwera. Anaima onse awiri. Mkuluyo anayang'ana katoniyo, anayang'ana masitepe otsala, kenako anailanda m'manja mwake osapempha n'kutembenuka kutsika nayo. Zimatengera anafuna kukana, koma msana unamuuza kuti akhale chete.

Anatsika masitepe angapo. Kenako mkuluyo, osacheuka, anati mipukutu yapadera ija idzakhala m'nyumba yosungiramo katundu zaka, ndipo tsiku limene ana adzafune zikwama za mtundu wina kampaniyo idzalira nayo. Zimatengera anati funsolo linanena kuti zikwamazo zimagulidwa mofanana, ndipo analilemba ndi iwo. Iwo anati palibe chinthu chimagulidwa mofanana mpaka kalekale. Iye anati ndiye akanalemba zimenezo m'funsomo. Anakangana choncho nsanjika yonse yachiwiri, wina kutsogolo ndi katoni, wina kumbuyo atagwira chitsulo cha m'mbali, ndipo ophunzira amene ankakwera ankapatuka n'kumamatira kukhoma. Pansanjika yoyamba mkuluyo anapuma, akupumira m'mwamba, n'kunena kuti pepala la wophunzira wawo uja, wa wogulitsa wa m'dziko momwemo, analiona, ndipo anaona malikisi amene linapatsidwa. Zimatengera anati linali pepala labwino kuposa onse. Iwo anagwedeza mutu, koma za kontirakiti sanatchule, ndipo iye sanafunse.

Atafika pakhomo lalikulu, mkuluyo anafuna kupitiriza mpaka kugalimoto. Zimatengera anatambasula manja.

"Apa ndifika ndekha, aphunzitsi."

Anamupatsa katoniyo. Iye anaikhazika bwino pachiuno, n'kudutsa pabwalo dzuwa likuswa mtengo, osafulumira, kulunjika pageti pamene amuna ake ankakangana ndi mlonda wa pakolejipo za malo oimika galimoto.